Khomo si malo oimapo

Chaka chatha madrasa yathu ya kuno ku Kasungu inachititsa mpikisano wa ana oloweza Qur'an, ndipo tinachita manyazi pakhomo. Tinaitana alendo 300, koma tinaika tebulo limodzi pakhomo penipeni, kuti pomwepo munthu alembetse dzina, alandire baji, avule nsapato, afunsenso pokhala. Patatha maola awiri mzere unali usanafike ndi theka lomwe. Agogo ena anatopa ndi dzuwa, nabwerera osamva mdzukulu wawo akuwerenga.

Madzulo ake mlimi wina wa fodya, wozolowera kudikira ndi mabelo kumsika wa Chinkhoma, anatifunsa: "Ashehe, kodi munawerengapo kuti munthu mmodzi amatha nthawi yaitali bwanji patebulo?" Tinasowa choyankha.

Chaka chino tinayamba ndi funso lomwelo. Kulemba munthu mmodzi kumatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho tebulo limodzi limatha anthu 60 pa ola. Kuti anthu 300 alowe m'ola limodzi pafunika matebulo 5. Komabe alendo safika mofanana. Lole imodzi imatsitsa khamu nthawi imodzi. Tinaika matebulo 6, atatu kumbali ya amayi, atatu kumbali ya abambo.

Baji ndi yosachedwetsa ngati inalembedwa dzulo lake ndi kusanjidwa motsata zilembo za maina. Kuipereka kumatenga masekondi 15, ndiye munthu mmodzi mbali iliyonse anakwanira. Tebulo la mabaji tinaliika mapazi khumi kutsogolo kwa olembera, kuti amene wamaliza kulembetsa apeze poima, asatsekereze mnzake wam'mbuyo. Amene dzina lake silinapezeke tinkamutengera patebulo lapambali, pakuti nkhani ya munthu mmodzi siyenera kuimitsa anthu makumi asanu.

Matebulo onse tinawachotsa pakhomo n'kuwaika pamthunzi, ndipo chingwe chinasonyeza njira yopita kutsogolo kokha. Nsapato zinavulidwa pamphasa yaitali chapambali, chifukwa munthu wowerama pakhomo amalitseka ngati chitseko. M'katimo achinyamata anayamba kudzaza mizere yakutsogolo, kuti wobwera pambuyo asalumphe miyendo ya anzake. Okalamba tinawasungira malo pafupi ndi khomo, ndipo sanaime pamzere.

Tinaikanso mphunzitsi mmodzi amene ntchito yake inali kungoyang'ana. Chizindikiro chake n'chosavuta: pamene anthu aunjikana kumbuyo, kutsogolo kuli mbee, pamenepo ndiye pothina. Itakwana hafu pasiti eyiti anaona amayi ataunjikana pamabaji, poti ambiri ankatengeranso ana awo. Anasamutsirapo wolemba mmodzi, mzere n'kuyambanso kuyenda.

Mwambo unayamba nthawi yake. Agogo aja anabweranso, ndipo mdzukulu wawo ataimirira kuti awerenge, iwo anali atakhala kale pamkeka.