"Lole ikubwera" si nthawi

Ntchito yanga pa depoti yogula mbewu kuno ku Nathenje ndi ukapitawo. Abwana amakhala ku Lilongwe, ndipo malamulo awo amandipeza pa foni. Munthuyo si woipa mtima, koma mawu amaumira. Nthawi yogula soya ndi mtedza, kuyambira mu Epulo mpaka mu Julaye, uthenga wawo sudutsa mzere umodzi.

Tsiku lina mu Juni analemba kuti: "Sokani matumba onse. Lole ikubwera. Musandichedwetse." Ine ndinangoimirira pakhomo la shedi n'kuwerenga mokweza momwe unalili, ndi ukali wake womwe. Anthu anayankha kuti "chabwino", aliyense n'kugwira singano. Anasoka onse monga ndinanenera, kuphatikizapo mtedza umene unabwera dzulo lake kuchokera ku Mitundu, womwe unali usanaume. Alimi ena amawaza madzi makoko kuti asavutike poswa, ndipo mtedza wotere ukautsekera m'thumba umagwira chuku. Mayi wina wosankha mtedza ankadziwa bwino zimenezi, koma atamva kuti "musandichedwetse" anatseka pakamwa. Lole inafika mawa lake madzulo, osati tsiku lomwelo. Patapita masiku, matumba a mtedza aja anabwezedwa, ndipo mlandu unagwera ine.

Pamenepo ndinaona kuti abwana akamati "onse" amanena matumba amene ali m'mutu mwawo, a soya amene wogula akudikira. Anyamata a m'shedi sakhala m'mutu mwa abwana. Pakati pawo pali ine, ndipo ndinali nditangosanduka chimkuzamawu.

Masiku ano uthenga wotere ukafika sindithamangira kushedi. Ndimayamba ndaimbira abwana, ngakhale amadandaula kuti ndimawathera nthawi. Ndimafunsa kuti matumba ake ndi ati, lole inyamuka nthawi yanji, nanga ikachedwa tiluza chiyani. Funso lomalizali ndi limene limatulutsa chifukwa chenicheni: mwina wogula amatseka sikelo 4 koloko, mwina lole ndi yahayala ndipo ikagona timalipira tsiku lina.

Kenako ndimawerengera nthawi chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti lole iyenera kunyamuka pano 2 koloko kuti ikafike ku Kanengo sikelo isanatsekedwe, poganizira kuchuluka kwa magalimoto pa M1 ukamalowa m'tauni. Kupakira matumba 200 a makilogalamu 50 kumatitengera pafupifupi maola awiri. Ndiye kuti kusoka kuyenera kutha 12 koloko, osati 2 koloko. Ukawauza anthu nthawi yonyamukira lole yokha, iwo amayesa kuti ndiyo nthawi yomalizira kusoka, ndipo salakwa.

Uthenga uja lero ndikanaunena chonchi: "Azibambo ndi azimayi, lole ifika mawa 12 koloko kudzatenga soya. Tisoke matumba 200 a soya okha, amene ali kukhoma la kumadzulo, atayesedwa kale pa sikelo. Mtedza wa ku Mitundu musaukhudze, ukadali wauwisi, mawa tiuyanikenso. Inu achimwene ndi anzanu atatu mukhale pa sikelo, otsalanu musoke. Pofika 12 koloko tikhale titamaliza, chifukwa wogula amatseka 4 koloko, ndipo lole ikagona ndalama yahayala iwonjezeka. Amene akuona chovuta anene panopa."

Mawu akuti "musandichedwetse" ndawataya. Salozera ntchito iliyonse, amangoopseza, ndipo bambo wa imvi amene ali ndi zidzukulu sungamulankhule ngati mwana woweta mbuzi. Komanso ulemu uli ndi malire ake. Ndinayesapo kunena kuti "mukapeza mpata mutithandizeko kusoka", anthu n'kumva ngati pempho loti akhoza kulikana, ntchito n'kugona. Lamulo likhalebe lamulo. Ulemu uli m'katchulidwe ka munthu ndi pomuuza chifukwa, osati pobisa kuti ntchitoyo ndi yokakamiza.

Chinthu chimodzi chimene sindichita ndi kupeka chifukwa kapena nthawi. Ukanama kuti lole ifika 10 koloko pofuna kuti anthu afulumire, ikafika madzulo amakugwira bodza, ndipo tsiku limene nthawi ili yeniyeni sakukhulupiriranso. Zifukwa zina, monga mtengo umene abwana agwirizana ndi wogula, si zanga kuulula. Zikatero ndimanena gawo limene likuwakhudza basi.

"Chabwino" nayenso sindimukhulupirira, poti kwathu kuno munthu amavomera mwaulemu ngakhale asanamve. Ndimapempha mmodzi kuti abwereze: tisoka ati, angati, pofika liti? Akasokoneza, ndiye kuti ndafotokoza moperewera, ndimayambiranso. Ndikatha ndimalemba ndi choko pachitseko cha shedi, n'kutumiza mawu omwewo kwa abwana kuti akonze ngati ndawamva molakwa. Nthawi zambiri amangoyankha kuti "Ok".