Pepani Akachuluka, Pempho Limasowa

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, mawu akuti pepani ali ndi ntchito yake. Timapepesa tikalakwa, timapepesa kumaliro, timapepesa mnzathu akapunthwa. Koma pofika pakhomo pa munthu wamkulu sitiyamba ndi kupepesa. Timati odi, atilowetse, tipereke moni, kenaka tinene chimene tadzera. Uthenga wa pafoni uyeneranso kuyenda chomwecho, ndipo ndikufuna ndikuonetseni ndi chitsanzo cha pasukulu pathu kuno ku Angoniya.

Chaka chino tili ndi mtsikana wochokera kusukulu ya uphunzitsi amene akuphunzira ntchito m'kalasi yachiwiri. Lachinayi amayenera kuphunzitsa kuwerenga pamaso pa womuyesa, koma ana ake amasokoneza ng' ndi ng. Powerenga ng'ombe amatchula ngati mmene timayambira mawu akuti ngolo. Anaganiza zopempha nzeru kwa mayi wina amene waphunzitsa m'chinenero chathu zaka zambiri, ndipo Lolemba anawalembera motere:

"Pepani kwambiri amayi pokuvutitsani. Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa, pepani. Mwina funso langa ndi lopanda nzeru, mundikhululukire. Ndimafuna mundithandizeko pang'ono pa phunziro langa, koma ngati simungathe palibe kanthu. Pepaninso."

Mayiwo anayankha mokoma mtima kuti, "Palibe vuto, mwana wanga." Basi. Iwo anayankha zimene anaona, ndipo zimene anaona ndi kupepesa. Muwerengenso uthengawo. Muli kupepesa kanayi, koma mulibe kalasi, mulibe phunziro, mulibe tsiku. Kumapetoko mtsikanayu anachita kuwatsegulira yekha khomo lokanira.

Lachiwiri pa nthawi yopuma anandionetsa foni ali ndi nkhawa. Tinatenga chiganizo chilichonse n'kuchifunsa funso limodzi: kodi tikachichotsa, amayiwa ataya chiyani chowathandiza kuyankha? "Pepani pokuvutitsani" anachoka, chifukwa kuthandiza wophunzira ntchito si chivuto, ndi mbali ya ntchito ya mphunzitsi wamkulu. "Funso langa ndi lopanda nzeru" anachokanso, chifukwa mawu otere amakakamiza wamkulu kuyamba wakutonthoza asanakuthandize. "Ngati simungathe palibe kanthu" sanali oona n'komwe, popeza kanthu kanalipo: womuyesa amabwera Lachinayi.

Iye anadandaula kuti, "Aphunzitsi, tikachotsa zonsezi sindioneka wamwano?" Ndinamuuza kuti ulemu wa m'chinenero chathu sukhala mwa pepani. Umakhala m'moni, m'kutchula munthu kuti amayi, m'kunena kuti inu osati iwe, m'kamawu kakuti -ko ka mu "mundionereko", ndi mu zikomo. Zonsezi tinazisunga. Uthenga watsopano unali uwu:

"Mwaswera bwanji amayi? Ndine wophunzira ntchito wa m'kalasi yachiwiri. Lachinayi ndiphunzitsa ng' ndi ng pamaso pa wondiyesa. Ndayesa kulemba ng'ombe ndi ngolo pabolodi, koma ana ambiri akuwatchula mofanana poyambira. Chonde mungandionereko pulano yanga mawa pa nthawi yopuma? Mphindi 10 zikwana. Zikomo kwambiri."

Onani mmene wayendera. Moni ndiye odi wake. Kenaka wadzitchula, poti mwina amayiwo alibe nambala yake. Wanena vuto lenileni ndi zimene wayesa kale, kusonyeza kuti sakufuna kusenzetsa wina katundu wake. Wapempha chinthu chimodzi, watchula tsiku ndi kutalika kwa nthawi. Munthu wotanganidwa angathe kuyankha kuti inde, kapena kupereka nthawi ina.

Amayiwo anamuitana Lachitatu. Anamulangiza kuti asayambire pabolodi koma m'makutu: atchule ng'ona, ngozi, ng'anjo, nguluwe, ana aziomba m'manja akamva liwu la mu ng'ombe, ndipo zilembo zibwere pambuyo. Nzeru imeneyi inalipo kuyambira Lolemba, imangodikira funso.

Sindikunena kuti pepani achoke m'mauthenga onse. Mukalemba usiku anthu atagona, kapena munalonjeza kubweretsa pulano dzulo koma simunabweretse, pepesani kamodzi, mutchule chimene mukupepesera, kenaka mupitirize. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati mungathe kumaliza chiganizo chakuti "pepani chifukwa nda..." ndi cholakwa chenicheni, pepaniyo ndi woyenera. Ngati cholakwa chake ndi kufunsa, mufufuteni.

Inu makolo, izi zikukukhudzaninso polembera aphunzitsi za mwana wanu. Perekani moni, tchulani dzina la mwana ndi kalasi yake, nenani chimene mwaona m'kope mwake, mufunse tsiku loti mubwere. Ndipo inu amene muli ndi ophunzira ntchito chaka chino, mukalandira uthenga wodzaza ndi pepani, musangoti palibe vuto. Mufunseni kuti, "Wadzera chiyani, mwana wanga?"