Mzere uliwonse uli ndi chiwongoladzanja chake

Ntchito yanga ku SACCO kwathu ndi kuwerengetsa ngongole, ndipo pepala limene mamembala amakangana nalo kwambiri ndi ndandanda wa malipiro. Munthu akasainira ngongole, ndimamupatsa tebulo losonyeza zimene azibweza mwezi ndi mwezi. Ndalama ya mwezi uliwonse ndimaigawa pawiri: ina ndi chiwongoladzanja, ina ndi yochepetsa ngongole yeniyeni imene anatenga. Malipiro amakhala amodzimodzi miyezi yonse, koma kagawidwe kake kamasintha mzere uliwonse, chifukwa chiwongoladzanja cha mwezi uno chimawerengedwa pa ngongole imene yatsala mwezi uno, osati pa ndalama imene munthu anatuluka nayo mu ofesi tsiku loyamba.

Titenge mayi wogulitsa kaunjika amene wabwereka K600,000 kuti akaode mabelo. Chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pamwezi, kutanthauza K3 pa K100 iliyonse imene sanabweze, ndipo abweza m'miyezi 6.

Ndikatsegula Excel sindithamangira kujambula tebulo. Ndimayamba ndaika zinthu za mgwirizano pamwamba, chilichonse m'kabokosi kake: ndalama yobwereka mu B1, chiwongoladzanja cha pamwezi mu B2, miyezi mu B3. Ndimatero kuti mawa komiti ikanena kuti mayiyu apatsidwe K550,000, ndisinthe kabokosi kamodzi basi, tebulo lonse lidzikonze lokha. Mu B4 ndimafunsa ndalama imene akamapereka yofanana mwezi ndi mwezi, ngongole ithere pa mwezi wachisanu ndi chimodzi:

```
=ROUND(PMT(B2,B3,-B1),0)
```

PMT payokha imapereka K110,758.50, koma matambala palibe amene amabwera nawo pa kauntala, n'chifukwa chake ndimaikulunga mu ROUND kuti ikhale K110,759. Kamzere ka kuchotsera kali patsogolo pa B1 kamangothandiza kuti yankho lisatuluke ngati nambala ya pansi pa ziro. Pamalo pano ndi pamene ophunzira ntchito amapunthwa kawirikawiri. Kalata ya ngongole ikanena 36 peresenti pachaka, iwo amalemba 36% mu B2 osaigawa ndi 12, ndipo malipiro a pamwezi amadumpha kupitirira K250,000. Ine ndisanapitirire ndimayesa kaye ndi mutu: K600,000 kuigawa miyezi 6 ndi K100,000, choncho malipiro ayenera kukhala pamwambako pang'ono. Akachuluka kawiri, ndiye kuti chiwongoladzanja ndi miyezi sizikuyendera limodzi.

Tsopano tebulo. Mzere 6 ndi wa mitu, ndipo mwezi woyamba umakhala pa mzere 7. Danga A ndi la mwezi, B ngongole poyamba mwezi, C malipiro, D chiwongoladzanja, E yochepetsa ngongole, F yotsala.

```
B7: =B1
C7: =$B$4
D7: =ROUND(B7*$B$2,0)
E7: =C7-D7
F7: =B7-E7
B8: =F7
```

Dongosolo lake ndi limene lili ndi ntchito. Chiwongoladzanja ndiye chimayamba kudya. Mwezi woyamba mayi uja ali ndi K600,000 yonse m'manja, ndiye 3 peresenti yake ndi K18,000. Pa K110,759 imene wabweretsa, tikachotsa K18,000, yotsalayo, K92,759, ndi imene yaluma ngongole. Ngongole yatsika kufika pa K507,241, ndipo nambala imeneyi ndi imene B8 imanyamula kukayambira mwezi wachiwiri. Kumeneko 3 peresenti sikhalanso K18,000, imakhala K15,217, motero gawo lochepetsa ngongole limakula popanda mayiyu kuwonjezera ngakhale kwacha imodzi. Ndikadzaza mzere 8 ndimaukokera pansi mpaka mzere 12.

Zizindikiro za $ zija si zokongoletsa. Zimakhomerera fomula pa B2 kuti isasunthe pokoka. Mukaziiwala, mzere woyamba umaoneka bwinobwino, koma wachiwiri umatsetserekera ku B3, kumene kuli miyezi, n'kuchulukitsa K507,241 ndi 6. Mukangoona chiwongoladzanja cha mamiliyoni atatu pa ngongole ya theka la miliyoni, musavutike n'kufufuza kwina.

Tebulo lomaliza limatuluka chonchi:

| Mwezi | Poyamba | Malipiro | Chiwongoladzanja | Yochepetsa ngongole | Yotsala |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 | 600,000 | 110,759 | 18,000 | 92,759 | 507,241 |
| 2 | 507,241 | 110,759 | 15,217 | 95,542 | 411,699 |
| 3 | 411,699 | 110,759 | 12,351 | 98,408 | 313,291 |
| 4 | 313,291 | 110,759 | 9,399 | 101,360 | 211,931 |
| 5 | 211,931 | 110,759 | 6,358 | 104,401 | 107,530 |
| 6 | 107,530 | 110,756 | 3,226 | 107,530 | 0 |

Onani kuti malipiro a mwezi womaliza aperewera ndi K3. Ndachita dala. Pamene tinakweza K110,758.50 kukhala K110,759, tinamulipiritsa mayiyu 50 tambala yowonjezera mwezi uliwonse, ndipo ikadangosiyidwa choncho kabokosi komaliza kakadasonyeza -3, kutanthauza kuti SACCO yadya K3 ya mwini wake. Ndiye mu C12 sindiikamo $B$4, ndimalemba `=B12+D12`, ngongole yotsala kuphatikiza chiwongoladzanja chake. K3 sigula ngakhale machesi, ndikudziwa. Koma akaunti imene yatsala ndi K3 sitsekeka, imangoonekabe m'malipoti mwezi ndi mwezi mpaka wofufuza mabuku adzafunse. Chinanso n'chakuti kabokosi komalizako ndiko kamandiuza ngati tebulo lili bwino. Ndisanakonze C12 ndimayang'ana kaye kuti F12 yasiyana bwanji ndi ziro. Kusiyana kwa makwacha ochepa ndi kwa ROUND, koma kukafika masauzande, pali fomula yolakwika penapake, ndipo kukonza mzere womaliza kungangobisa vutolo.

Kenako ndimaphatikiza madanga. Danga E liyenera kupereka K600,000 ndendende. Danga D likupereka K64,551, danga C K664,551, ndipo kusiyana kwa awiriwa kuyenera kukhala ngongole ija. Zikagwirizana ndimasindikiza.

Nambala ya K64,551 ndi imene ndimakonda kuloza ndi cholembera membala asanasaine, chifukwa kunjaku kuli obwereketsa ena amene nawonso amati "3 peresenti pamwezi" koma amawerengera pa ndalama yonse ya poyamba miyezi yonse. Kwa iwo K18,000 imabwera kasanu ndi kamodzi, kukwana K108,000, ndipo malipiro a pamwezi amakhala K118,000. Mawu ndi omwewo, koma mtengo wasiyana ndi K43,449. Pa mwezi womaliza munthu amakhala akulipirabe chiwongoladzanja pa ndalama imene anabweza kalekale. Mukafunsa Excel ndi `=RATE(6,-118000,600000)` kuti ngongole yoteroyo ikufanana ndi chiwongoladzanja chanji pa kawerengedwe kathu, imayankha pafupifupi 5 peresenti pamwezi. Kuzindikira kwake n'kosavuta: danga la chiwongoladzanja likakhala ndi nambala imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi kawerengedwe kameneko.

Mkangano weniweni umabwera malonda akayenda bwino, munthu n'kufuna kutseka ngongole nthawi isanakwane. Atalipira katatu amafika pa desiki yanga mtima uli m'malo.

"Achimwene, miyezi itatu ndathana nayo. Si yatsala theka, K300,000?"

"Ayi mayi, yatsala K313,291. Taonani pano."

"Nanga K13,000 yapamwambayi yachokera kuti? Inu mwandiwonjezera."

Apa ndi pamene kugawa madanga kumandipulumutsa. Ndimawaonetsa kuti pa K332,277 imene apereka, K45,568 inapita ku chiwongoladzanja, chifukwa miyezi yoyambirira ngongole inali idakali yaikulu. Imene inachepetsa ngongole ndi K286,709 yokha. Nkhope ikayamba kugwa, ndimatsitsa cholembera ku mizere itatu yapansi. Akadikira mpaka kumapeto apereka K332,274. Akatseka lero, malipiro achitatu atangolowa, apereka K313,291, ndipo K18,983 ya chiwongoladzanja cha miyezi yotsalayo ikhala m'chikwama mwawo. Popanda madanga awiriwa, kalaliki waulesi amangophatikiza malipiro atatu otsalawo n'kumulipiritsa munthu chiwongoladzanja cha miyezi imene sanakhale ndi ndalama. Ngati mgwirizano uli ndi chindapusa cha kutseka msanga, chimenecho chimalembedwa pachokha, chisabisale m'danga D. N'chimodzimodzinso ndalama ya inshulansi ndi ya fomu.

Anzanga ena amandifunsa chifukwa chimene ndimavutikira ndi mizere yolumikizana chonchi pamene Excel ili ndi IPMT ndi PPMT, zimene zimapereka chiwongoladzanja ndi gawo la ngongole la mwezi uliwonse mwachindunji. Ndimazigwiritsa ntchito, koma poyesera tebulo langa basi. `=IPMT(B2,3,B3,-B1)` ikandipatsa pafupifupi K12,351, ndimadziwa kuti mzere wa mwezi wachitatu uli bwino. Vuto lake n'lakuti mafomula amenewa amaganiza kuti munthu amalipira ndalama yonse, pa tsiku lake, mwezi uliwonse. Wogulitsa kaunjika amene watsegula belo n'kupeza zovala zong'ambika salipira choncho.

Tinene kuti mwezi wachiwiri mayi uja wabwera ndi K60,000 yokha. Mu C8 ndimafufuta fomula n'kulemba 60000. Chiwongoladzanja sichisintha, ndi K15,217 yomwe ija, popeza chinapsa kale pa ngongole ya mwezi umenewo. Chimene chimafota ndi danga E, limene limatsika kufika pa K44,783, ndipo ngongole yotsala imakhala K462,458 m'malo mwa K411,699. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja chimakwera kufika pa K13,874, kuposa cha pa pepala loyamba ndi K1,523, ngakhale palibe amene waika chilango. IPMT ikadapitirizabe kunena K12,351 ngati palibe chachitika. Ndipo ndalama yobwera ikachepa kuposa chiwongoladzanja chenichenicho, tinene K10,000, danga E limatuluka ndi nambala ya pansi pa ziro, ngongole n'kuyamba kukula m'malo mochepa. Pamenepo sindilola tebulo kugamula lokha, chifukwa kuwonjezera chiwongoladzanja chosalipidwa pa ngongole ndi nkhani ya mgwirizano ndi malamulo a SACCO, si ya fomula.

Pachifukwa chimenechi ndimasunga matebulo awiri pa membala aliyense. Loyamba ndi limene anasainira, ndipo sindiligwiranso. Lachiwiri ndi lolembamo zimene zalowadi, ndi danga lowonjezera la tsiku limene ndalama yafika ndi nambala ya lisiti. Danga la tsikulo limafunika chifukwa tebulo lonseli limatenga miyezi ngati yofanana, pomwe kuli mabungwe amene amawerenga chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, ndipo kumeneko Febuluwale ndi Malichi sapereka nambala imodzi. Mayi uja akadzabwera kudzakambirana zoti amalize bwanji atapereweza, ndimatenga K462,458 ngati ngongole yatsopano, miyezi 4 yotsala, n'kuifunsanso PMT. Imatuluka K124,414 pamwezi, ndipo komiti ndi imene imaona ngati angakwanitse kapena amuwonjezere miyezi.