Masamu a ulendo wa pa basi amene ndidaphunzira ku Dedza

Ife a ku mapiri a Dedza tidakula tikudziwa kuti munthu akafunsa kuti “ku Blantyre tikafika nthawi yanji?” yankho limakhala lakuti “akalola Mwini Wake.” Yankholo ndi loona, ndipo nanenso ndimalinena. Koma atsibweni anga, amene adagwira ntchito ya ukondakitala m'masiku a mabasi a UTM, ankawonjezerapo ola lenileni, ndipo kawirikawiri sankaphonya ndi mphindi zoposa makumi awiri kapena atatu. Anthu a kwathu, kufupi ndi Bembeke, ankabwera kudzawafunsa usiku woti mawa lake anyamuka, chifukwa munthu wopita kumaliro kapena kukaona wodwala amafuna kudziwa ngati akafike kukuwala.

Atsibweniwo ankati ulendo uli ndi nthawi zitatu, ndipo aliyense wozisakaniza amanamizidwa. Pali nthawi imene matayala akugudubuzika, pali nthawi imene basi yaima pamalo amene tonse tikudziwa kuti iima, ndiye pali nthawi imene imadyedwa ndi zinthu zosaitanidwa. Ankaziwerengera padera padera, kenako n'kuziphatikiza.

Nthawi ya matayala ankaipeza mosavuta, pakuti masiku amenewo mitunda tinkaiyesa m'mamailosi. Basi yodzaza anthu, pamwamba pali matumba a chimanga ndi njinga, ankaiwerengera mamailosi 30 pa ola. Ndiye kuti mailosi imodzi inkatenga mphindi ziwiri. “Mphwanga,” ankatero, “tenga mamailosi uwachulukitse kawiri, zimene wapezazo ndi mphindi.” Kuchoka pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi mamailosi 53 kapena apo, amene lero timati makilomita 85. Kuchulukitsa kawiri zikutipatsa mphindi 106, kunena kuti ola limodzi ndi mphindi 46, basi ikadakhala kuti siima pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Kamphata kapena pa Nathenje. Dziko litasinthira ku makilomita lamulo lija silidafe: mamailosi 30 ali pafupi ndi makilomita 50, choncho makilomita khumi alionse amatenga mphindi 12.

Ndili mnyamata ndidawatsutsa. Ndidakhalapo pafupi ndi dalaivala ndipo ndidaona ndi maso anga muvi wa liwiro utadutsa patali pa 30 yawoyo. Iwo adandiuza kuti muviwo umanena za mphindi imene ukuuyang'anayo basi, pomwe ulendo umafunsa za mseu wonse. Patsetse basi imathamangadi, koma pachitunda dalaivala amatsitsa magiya mpaka injini ikulira ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo, ndipo pamenepo nthawi imapita yambiri. Patapita zaka ndidamvetsa chifukwa chake malo oyenda pang'onopang'ono amalemera kuposa malo othamanga. Basi ikayenda makilomita 60 pa liwiro la 30, yadya maola awiri. Ikayenda makilomita 60 ena pa liwiro la 60, yadya ola limodzi. Onse pamodzi ndi makilomita 120 m'maola atatu, ndiye kuti liwiro la ulendo wonse ndi 40 pa ola, osati 45 monga angaganizire munthu amene wangotenga pakati pa 30 ndi 60. Basiyo idakhalitsa m'chigawo chochedwacho, n'chifukwa chake chigawocho chimakokera chiwerengero pansi.

Ulendo umene ndidauwerengera ndekha mosamala kuposa ina yonse udali wa mwezi wina wa Juni, m'zaka za m'ma 1990. Ndinkaperekeza mayi anga kwa mlongo wanga ku Ndirande. Maso awo adali atayamba kufooka, ndipo sindinkafuna kuti mdima utipeze pa depoti ya Wenela tili ndi katundu. Mu Juni dzuwa limalowa itangodutsa 5 koloko, choncho ndidafuna kuti pomakwana 4 koloko tikhale titatsika. Nthawi imeneyo mabasi adali atayamba kale kudzera njira ya ku Zalewa. M'masiku a atsibweni ankazungulira ku Balaka, Liwonde ndi Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 280. Njira ya ku Zalewa ndi pafupifupi 225.

Ndidayamba ndi matayala. Makilomita 225 kugawa ndi 50 ndi maola anayi ndi theka. Kenako ndidabwera pa masiteji, ndipo apa m'pamene munthu ayenera kudziwa mtundu wa basi imene akukwera, chifukwa basi yoima paliponse ndi basi yoima m'matauni mokha zimasiyana kwambiri pa masiteji kuposa pa liwiro. Yathu idali yoima paliponse. Pa Lizulu ndidaika mphindi 20, poti pamenepo basi siichoka msanga. Amalonda amaizinga ndi mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi, anthu akugula kudzera pa mazenera, wina akudikira chenji, wina akukweza thumba pamwamba. Pa Ntcheu ndidaika mphindi 30, chifukwa pamenepo anthu amatsika kukadzithandiza ndi kugula chakudya. Pa Zalewa, pa mlatho wa Shire pomwe apolisi amaimitsa magalimoto, ndidaika mphindi 20. Zitatuzi zidakwana ola limodzi ndi mphindi khumi.

Masiteji ang'onoang'ono ndi amene anthu ambiri amaiwala, koma atsibweni ankati ameneŵa ndiwo amatha tsiku. Mphambano ya ku Bembeke, Masasa, Mlangeni, Biriwiri, Kampepuza, Chingeni, Manjawira, Phalula, Lirangwe, Lunzu: awa okha ndi khumi. Aliyense ankamupatsa mphindi zisanu, ngakhale wotsika atakhala mmodzi. Basi imayamba kuchepetsa liwiro isanafike, kondakitala amakwera pamwamba kukamasula chingwe, katundu wofunikayo amapezeka kuti ali pansi pa katundu wina, ndipo ikanyamuka imatenga kanthawi kuti ibwerere pa liwiro lake. Masiteji khumi kuchulukitsa ndi mphindi zisanu ndi mphindi 50. Kuphatikiza ndi aakulu aja, nthawi yoima idakwana maola awiri. Ulendo wa maola anayi ndi theka udasanduka wa maola asanu ndi limodzi ndi theka tisanakumane ndi vuto lililonse.

Nthawi yachitatu, ya zosaitanidwa, siwerengeka bwino, koma si yobisika yonse. Ina imaoneka ukangotuluka panja m'mawa. Mseu wathu wochoka pa Dedza kupita ku Ntcheu umayenda pamwamba pa zitunda, m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo tauni ya Dedza payokha ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imagona pamseu mpaka dzuwa litakwera. Ukaona kuti phiri la Dedza silikuoneka, dziwa kuti dalaivala wanzeru ayatsa nyali n'kumayenda 30 pa ola. Makilomita 35 oyambirira, amene akadatenga mphindi 42, amatenga mphindi 70. Apo zapita mphindi pafupifupi 30. Tsiku la msika pa Lizulu limawonjezera zake, mvula ya mu Januwale imawonjezeranso, ndipo m'masiku a Kamuzu mseu unkatsekedwa pamene mdipiti wawo ukudutsa. Izi zonse munthu angathe kuzifunsa usiku wake. Tayala kuphulika kapena injini kutentha n'zimene sungazidziwiretu, ndipo atsibweni ankati pa ola lililonse la matayala uziika padera mphindi khumi. Pa ulendo wathu zidali mphindi 45. Pamodzi ndi za nkhungu zija zidakwana ola ndi mphindi 15.

Ulendo wonse tsopano udali maola asanu ndi awiri ndi mphindi 45. Ndidawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 4 koloko madzulo, ndipo ndidapeza kuti basi iyenera kuchoka pa Dedza isanadutse 8:15 m'mawa. Apa padatsala chinthu china chimene ife a pakati pa njira timachidziwa bwino. Basi yathu siyambira kwathu. Imachokera ku Lilongwe, ndipo kuchedwa kwake konse kwa ku depoti ndi kwa makilomita 85 aja imatibweretsera ife. Choncho tidali pa siteji 7 koloko isanakwane, mayi atafunda bulangete, ine nditatsimikiza mumtima kuti ikadutsa 9 koloko basi isanabwere tibwerera kunyumba n'kudzayesa mawa lake.

Idabwera 7:40. Nkhungu idalipo monga ndidaganizira. Pa Ntcheu, makilomita pafupifupi 75 kuchokera pa Dedza, tidaloŵa 10:20. Pamenepo ndidachita zimene atsibweni ankachita nthawi zonse, kuyesa masamu ako ndi chigawo choyamba cha ulendo. Ola ndi theka la matayala, mphindi 40 za Lizulu ndi masiteji anayi ang'onoang'ono, ndi theka la ola la nkhungu, zidayenera kutifikitsa pa Ntcheu 10:20 yomweyo. Ndidadziwa kuti dalaivala ameneyu ndi basi imeneyi zikuyenda monga ndidawerengera. Tikadafika 11 koloko popanda chifukwa chooneka, ndikadadziwa kuti liwiro la 50 lija ndidalikweza, ndipo ndikadawerenganso makilomita 150 otsalawo pa 40, amene ndi maola atatu ndi mphindi 45 m'malo mwa maola atatu.

Titatsika zitunda za Ntcheu kudayamba kutentha ndipo mayi adavula bulangete. Chakumtunda kwa Phalula tayala lakumbuyo lidaphwa, ndipo amuna tidatsika kukathandiza kugudubuza linzake. Zidatenga mphindi 40 mwa 45 zimene ndidasunga zija. Tidatsika pa Wenela 3:20, ndipo mlamu wanga, amene ndidamulembera kalata kuti adzatichingamire pakati pa 3 koloko ndi 4 koloko, adali pomwepo. Kutchula nthawi ziwiri chotere ndidatengeranso kwa atsibweni, amene sankauza munthu ola limodzi lokha. Ankanena nthawi yoyambirira imene basi ingafike ndi nthawi imene wodikira ayenera kuyamba kuda nkhawa.

Lero adzukulu anga amakwera mabasi akuluakulu osaima paliponse, ndipo ndikamawawerengera ndimaika 65 kapena 70 pa ola, masiteji awiri kapena atatu, ndi mphindi zochepa pa zipata zolipirira mseu za pa Kalinyeke ndi pa Chingeni. Ulendo wa ku Blantyre umatsika kufika pa maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Minibasi ndiyo imandivuta, chifukwa ngakhale imathamanga, siichoka isanadzaze, ndipo anthu akatha pa Ntcheu imatha kukukwezani ina imene nayonso iyamba kudikira anthu ake. Wokwera minibasi ndimamuuza kuti asuzumire aone mipando yopanda anthu, afunse amayi ogulitsa pa siteji kuti yapitayo idadzaza m'nthawi yaitali bwanji, ndipo awonjezere nthawi imeneyo kawiri: kamodzi pa Dedza, kamodzi pa Ntcheu.