Mmene ndimawerengera ndalama za vidiyo isanalowe pa YouTube

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo ophika zakudya zakwathu. Ndimajambulira kuno ku Joni, koma ndimalankhula Chichewa, motero ondionera ambiri ali ku Malawi, ena ali konkuno ku South Africa, ochepa ali ku Britain. Abale amene akufuna kuyamba ntchito imeneyi amakonda kundifunsa kuti vidiyo ikaoneredwa ka 1,000, YouTube imapereka zingati. Ndimawayankha kuti mtengo wokhazikika palibe, chifukwa ndalamazo zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amalipira molingana ndi munthu amene waona adiveti yawo ndi dziko limene ali.

Mu YouTube Studio muli manambala awiri amene ambiri amawasokoneza. CPM ndi ndalama imene wotsatsa malonda amalipira adiveti yake ikaonekera ka 1,000, YouTube isanatengepo gawo lake. RPM ndi imene yatsala kwa inu pa kuoneredwa ka 1,000 kulikonse, kuwerengera ndi anthu onse amene sanaone adiveti n'komwe. Pa mavidiyo aatali, wopanga vidiyo amatenga 55 pa 100 iliyonse ya ndalama za maadiveti. N'chifukwa chake RPM imakhala yotsika kuposa CPM, ndipo ndi imene ine ndimayang'ana. Masamu ake ndi awa:

```
RPM = Estimated revenue / Views * 1000
```

Koma RPM ya tchanelo chonse imabisa zambiri. Ine ndimatsegula Analytics, n'kupita ku Advanced mode, n'kusankha Geography, kuti ndione dziko lililonse palokha. Pa dziko lililonse ndimafuna zinthu zitatu: kuchuluka kwa oonera, angati mwa iwo anaona adiveti, ndi zimene otsatsa malonda analipira pa anthu 1,000 otere. Chachitatuchi pakompyuta chimalembedwa kuti Playback-based CPM.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala osavuta, oti inu mudzaikepo anu. Vidiyo ya kaphikidwe ka futali yaoneredwa ka 100,000: ku Malawi ka 70,000, ku South Africa ka 20,000, ku Britain ka 10,000. Ku Malawi makampani ogula malo pa YouTube ndi ochepa, choncho nthawi zambiri vidiyo imangoyamba popanda adiveti. Tinene kuti mmodzi yekha mwa oonera asanu ndiye anaiona. Amenewo ndi 14,000, ndipo pa mtengo wa dola imodzi abweretsa madola 14. Ku South Africa theka linaona, ndiye kuti 10,000, pa madola 4 apereka madola 40. Ku Britain anaona ndi 6,000, pa madola 10, apereka madola 60. Zonse pamodzi ndi madola 114. Gawo langa ndi madola 62.70, kutanthauza kuti RPM ya vidiyoyi ndi masenti pafupifupi 63.

Taonani kuti a ku Britain, amene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a oonera, apereka ndalama zoposa theka. Ndiye tinene kuti vidiyoyi yagawidwa kwambiri m'magulu a WhatsApp kumudzi, ndipo anthu ena 100,000 a ku Malawi aionera. Ndalama zanga zawonjezeka ndi madola 11 okha, zafika pa 73.70, koma RPM yagwa kufika pa masenti pafupifupi 37. Munthu amene sadziwa zimenezi amaganiza kuti YouTube yamubera kapena yamulanga, pamene chasintha ndi mtundu wa oonera basi. Sindinena kuti musiye kulankhula ndi anthu akwathu, chifukwa ndi amene amagawa vidiyo ndi kuifikitsa kwa abale awo okhala kunja. Ndikunena kuti musatenge RPM ya munthu wolankhula Chingerezi kwa anthu a ku Amereka n'kuichulukitsa ndi oonera anu, kenako n'kukatenga ngongole ya kamera.

Kutalika kwa vidiyo kumalowa m'masamuwa chifukwa cha lamulo limodzi. Vidiyo ikafika mphindi 8, mumaloledwa kuika maadiveti pakati pake. Kale malire anali mphindi 10, anatsitsidwa mu 2020. Ambiri akamva zimenezi amayamba kutalikitsa vidiyo ndi malonje ndi zobwerezabwereza, poganiza kuti adiveti yachiwiri ichulukitsa ndalama kawiri. Sizitero. Adiveti ya pakati imaonedwa ndi okhawo amene afika pamalopo. Tsegulani chithunzi cha Audience retention, muone pamene anthu akuchokera. Ngati vidiyo ya futali ija ili ya mphindi 12 ndipo pofika mphindi yachinayi theka la anthu lachoka, adiveti ya pamenepo singawonjezere ndalama kuposa theka la zimene adiveti yoyamba inabweretsa. Pa madola 62.70 aja, musayembekezere kupitirira madola 94, ndipo kawirikawiri simufikapo, popeza malo amene mwaikawo ndi mwayi chabe. YouTube ndiyo imasankha ngati woonera aonetsedwe adiveti kapena ayi. Adiveti ya pa mphindi 10 imapeza anthu ochepa kuposa apo.

Kwa ife oonera ambiri amagwiritsa ntchito bandulo yoguliratu, ndipo mphindi iliyonse imawadyera ndalama. Mayi amene akufuna kudziwa nthawi yothira nsinjiro sadzadikira ine ndifotokoze za ulendo wanga wa kumsika. Akachoka msanga, sindinangotaya adiveti, ndatayanso mwayi woti YouTube ionetse vidiyoyo kwa ena. Choncho chakudya chimene chimafotokozeka m'mphindi 6 ndimachisiya pa 6. Chimene chimafunadi mphindi 12, monga kukonza chambo kuyambira kupala mamba mpaka msuzi, ndi chimene ndimachiikira maadiveti pakati.

Malo oika adiveti ndimawakonza ndisanayambe kujambula. Kuyambira kumapeto kwa 2023, YouTube ndiyo imasankha mtundu wa adiveti ya kumayambiriro ndi kumapeto; ife timangoyatsa kapena kuzimitsa. Zimene zatsala m'manja mwathu ndi za pakatizi. Pophika pali malo opumira achibadwa: ndavundikira mphika, ndanena kuti tidikire uwire, ndakhala chete pang'ono. Pamenepo munthu amapirira adiveti, chifukwa akufuna kuona zotuluka mumphikamo. Mukamudula pakati pa mawu, pamene mukutchula muyezo wa mchere, amatseka. Mu Meyi 2025 YouTube nayo inayamba kuchepetsa maadiveti pa malo odula mawu kapena zochitika, n'kumakonda malo opumira ngati amenewa. Ndikaona kuti chithunzi cha oonera chagwa mwadzidzidzi pamene pali adiveti, ndimaisuntha kapena kuichotsa.

Pomaliza ndimayang'ana mwezi. Mu Novembala ndi Disembala makampani amapikisana chifukwa cha malonda a Khirisimasi, mitengo imakwera, ndipo mu Januwale imatsika kwambiri, choncho RPM ya Disembala siyenera kuyezera chaka chonse. Ine ndimatenga ya miyezi ingapo yapitayo, ya mavidiyo ofanana kutalika ndi amene ndikukonza, dziko lililonse palokha, n'kuwerengera ndi yotsikitsitsa. Ndimakumbukiranso kuti AdSense situmiza ndalama mpaka zitafika pa malire ake, omwe ndi madola 100 kwa olandira m'madola. Vidiyo ya futali ija payokha, ngakhale itaoneredwa ka 200,000, singafike pamenepo, ndiye ndalama zogulira mbatata ndi mtedza wa vidiyo yotsatira ndimaziika padera kuchokera ku malipiro a mwezi watha.