Mayi Akatsegula Kope la Mwana

M'midzi yathu ya ku Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu sukulu si mlendo ayi. Amishoni anafika paphiri la Nkhoma m'chaka cha 1896, ndipo Buku Lopatulika lonse linatuluka m'chinenero chathu mu 1922. Mu 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana anadza unyinji wosaoneka ndi kale lonse. Koma ife aphunzitsi tidziwa kuti kulembetsa mwana n'kwina, kumsunga pasukulu n'kwinanso. Pakhomo pamene palibe wodziwa kuwerenga, sukulu ikhala ngati dziko lakutali: mwana apitako m'mawa nabwera masana, ndipo palibe wakumfunsa zimene anakachita.

Chifukwa chake tifuna kunena za amayi a ana aang'ono amene aphunzira m'sukulu za kwacha, ntchito imene Boma linaifalitsa m'dziko lonse mu 1986. Ambiri a iwo sadzera ana asukulu poyamba. Wina afuna kulemba dzina lake, pakuti atopa ndi manyazi a kudinda chala pamaso pa anthu. Wina afuna kudziwerengera yekha tsiku la sikelo m'buku la kuchipatala, wina afuna kupeza nyimbo ndi vesi pa Chigwirizano osayang'ana mwa mnzake. Za sukulu ya mwana zidza pambuyo, ndipo zilowera pa chinthu chaching'ono ndithu, ndicho tsiku lolembedwa pamwamba pa tsamba.

Taonani mayi wina wa kufupi ndi Nathenje, amene mnyamata wake anali mu Sitandade 3. Ataphunzira miyezi inayi, mayiyu sanathe kuwerenga nkhani yaitali, koma manambala anawadziwa. Madzulo ena anatsegula kope la masamu nayamba kutsata ndi chala: tsiku la 3, la 4, la 5, pamenepo la 12. Anafunsa kuti, “Nanga masiku a pakatiwa ali kuti, mwanawe?” Mwanayo anati aphunzitsi anadwala. Mayiyo anabwereka kope la mwana wa mbale wake wa kalasi lomwelo, napeza masiku onse alimo. Kunapezeka kuti mnyamatayo ankatuluka ndi yunifolomu, nakathera kumsika kunyamula katundu wa anthu kuti apeze ya mandasi. Kale chinthu chotere chikadadziwika pakutha pa chaka, mwana atalephera mayeso, ndipo akadanena kuti mutu wake ndi wouma.

Koma mverani chotsatira, pakuti ndicho chachikulu. Mayiyo potsegula masamba a m'mbuyo anapeza mpata wina wa masabata awiri m'mwezi wa Febuluwale, ndipo pamenepo sanafunse munthu. Anakumbukira kuti ndiwo masiku amene iye ndi mwamuna wake anamkhazika mwanayo pansi pa chigafa kusoka fodya. Makolo ambiri amati, “Tamtenga masiku owerengeka chabe,” ndipo sanama mwadala. Masiku osalembedwa amachepa m'mtima. Koma akaoneka papepala, ndiponso mayi akaona kuti anzake anaphunzira kuchotsera kobwereka m'masabata omwewo, pamene mwana wake angolandira mitanda yofiira kufikira lero, nkhani ya pakhomo isanduka. Chaka chotsatira fodya anasokedwa masana ndi Loweruka.

Pakati pathu Achewa, pamene mwamuna akhala pachikamwini ndipo ana ali a mbumba ya kuchikazi, mau a mayi otere afika patali. Iye alankhula ndi bambo wa ana, alankhulanso ndi mlongo wake, mwini mbumba, amene mau ake alemera pamene anthu ayamba kunena za ukwati wa mtsikana.

Tisanamizane, komabe, kuti zonse ziyenda chomwecho. Kalasi likaikidwa m'mawa, mayi asiya khanda kwa mwana wake wamkazi wa zaka 9, ndipo mayi aphunzira pamene mtsikana ajomba, tapindulanji pamenepo? Liyenera kukhala masana ana ataweruka, ndipo khanda lidze kumsana, ngakhale lisokose. Mvula ikagwa ndi kupalira kukayamba, mphasa zikhala zopanda anthu, ndipo wobwerera patapita miyezi iwiri asokonezanso b ndi d. Iye amene anamaliza koma alibe chowerenga kunyumba aiwala msanga. Mudzamzindikira pakuti alemba dzina lake bwino, koma mukampatsa kalata ati maso akuwawa.

Ndiponso mwana akafika m'makalasi apamwamba, kumene zolemba zichuluka m'Chingerezi, mayi sathanso kumtsata m'phunziro. Ena pamenepo aleka kutsegula kope, poyesa kuti ntchito yawo yatha. Aphunzitsi a kwacha awauze amayiwa kuti tsiku lilembedwabe ndi manambala omwe aja, ndi kuti cholembera chofiira cha mphunzitsi chioneka ngakhale pa tsamba la Sitandade 8.