Kulemba Kufunika kwa Siteshoni Yakale ya Sitima

Ntchito yanga ndi kulemba zikalata zimene zimaperekedwa kwa akuluakulu a boma pamene nyumba yakale ikuganiziridwa kuti itetezedwe ndi lamulo. Pa mulu wonse wa mapepala, tsamba limene limandidyera nthawi yambiri ndi lalifupi kuposa onse, lija lofotokoza chifukwa chake malowo ndi ofunika. Kuno kwathu, pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, nduna ikalengeza m'Gazeti ya boma kuti malo ndi otetezedwa, mwini wake sangagwetse kapena kusintha popanda chilolezo. Tsambalo, tsono, lidzawerengedwa ndi munthu amene ine sindidzakumana naye, mwina zaka 20 zikubwerazi, atanyamula pempho la injiniya wofuna kusasula denga, ndipo ayenera kuyankha inde kapena ayi. N'chifukwa chake ndimaumirira pa mfundo imodzi: chilichonse chimene ndanena kuti ndi chofunika chikhale cholozeka ndi chala pa malopo, ndipo chimene sichofunika ndichitchulenso poyera. Chikalata chimene chimangotamanda siteshoni sichiteteza njerwa ngakhale imodzi.

Tiyeni titenge siteshoni ya pa njanji yoyamba m'dziko muno, monga ya Luchenza. Mbiri ya njanjiyi ndi yodziwika. Kampani ya Shire Highlands Railway inaimanga kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudutsa Chiromo mpaka kufika ku Blantyre mu 1908, chifukwa madzi a mu Shire ankaphwera, sitima za pamadzi zinkalephera kukwera, ndipo katundu ankadalira mitu ya amtengatenga. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, sitima n'kumayenda mpaka ku Beira osaolotsa katundu pa madzi, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Wolemba wofulumira amaona zaka zimenezi n'kulemba kuti siteshoniyi inamangidwa mu 1908. Apa ndi pamene zikalata zambiri zimagwera. Chaka cha njanji si chaka cha nyumba. Malo oimapo sitima ambiri ankayamba ndi kanyumba ka malata, ya njerwa n'kudzabwera katundu atachuluka, kenako n'kumawonjezedwa zipinda m'mibadwo yosiyana. Munthu wotsutsa akangotulutsa pulani imodzi yoonetsa kuti nyumbayo inamangidwa mochedwerapo, chikalata chonse chimataya mphamvu, ngakhale mfundo zake zina zili zoona.

Choncho ndisanalembe liwu lililonse ndimafunsa mboni ziwiri, mapepala ndi nyumba yeniyeniyo, ndipo ndimazikhulupirira pokhapokha zikagwirizana. Mapepala ndimawafuna ku nkhokwe ya zolembedwa zakale za boma ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, ndi kwa a njanji eni ake ku Limbe: mapulani, zithunzi, malipoti a pachaka. Nyumbayo imayankhula m'njira yake. Dothi la laimu la pakati pa njerwa limakandika ndi chikhadabo kapena msomali, n'kusiya fumbi loyera, pamene simenti ndi yotuwa ndi yolimba, yosakandika. Pamene chipinda chinawonjezedwa pambuyo pake, kawirikawiri pamakhala mzere wowongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba, chifukwa njerwa zatsopano sizinalukane ndi zakale. Ngati nsanamira za khonde ndi zidutswa za njanji zakale, monga a njanji ankakonda kuchitira m'maiko ambiri, m'mbali mwake mumapezeka dzina la fakitale ndi chaka chimene chitsulocho chinapangidwa. Koma chaka chimenecho chimangonena kuti khonde silingakhale lakale kuposa pamenepo. Njanjiyo iyenera kuti inayamba yagwira ntchito pansi pa sitima kwa zaka, itatha ndiye n'kuimikidwa. Wolemba wosamala amati "khonde linamangidwa chitadutsa chaka chakuti", ndipo amalekera pomwepo.

Umboni ukasonkhana, tsambalo ndimaligawa ndi mafunso atatu: chofunika n'chiyani, n'chofunika motani, ndipo chifukwa chiyani. Pa funso lachiwiri ambiri a ife timatsatira magawo a mu Burra Charter, chikalata chimene akatswiri a ku Australia anagwirizana mu 1979: mbiri, kukongola, zimene malo angaphunzitse ofufuza, ndi mmene anthu amawaonera pa moyo wawo kapena pa chikhulupiriro chawo. Sikuti siteshoni iyenera kupambana pa magawo onse. Kukakamiza kuti kanyumba wamba ka njerwa ndi malata n'kokongola mogometsa kumangochititsa kuti owerenga akayikire ndi zina zomwe. Tiyerekeze kuti kafukufuku wapeza nyumba ya zipinda zitatu ya laimu, khonde, shedi ya katundu, thanki ya madzi ya pa nsanja, ndi chimbudzi cha mabuloko chomangidwa posachedwa. Chiganizo chofooka chimati siteshoniyi ndi chuma cha mtundu wathu chimene chinathandiza pa chitukuko. Mawu amenewa angalembedwe pa sukulu, pa chipatala, pa mlatho uliwonse. Chiganizo chogwira ntchito chimati shedi ya katundu, pamodzi ndi nsanja yake yolingana ndi pansi pa bogi, ndi umboni wa mmene tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ankapakiridwira popita ku doko, ndiye kutalika kwa nsanjayo ndi kuyang'anana kwake ndi njanji zisasinthidwe. Chimatinso thanki ndi chotsalira cha nthawi ya sitima za malasha zimene zinkamwa madzi m'njira dizilo isanabwere, ndiye ngakhale yachita dzimbiri ndipo sigwiranso ntchito ili m'gulu la zofunika kwambiri. Chimbudzi cha mabuloko chimalembedwa kuti chilibe kufunika, chikhoza kuchotsedwa.

Anzanga ena amadana ndi chiganizo chomalizachi. Amati ukangolemba kuti chinthu chakuti sichofunika, watsegulira khomo ogwetsa, ndipo n'kwabwino kunena kuti zonse ndi zopatulika. Mantha awo ndimawamvetsa, koma ndikuona kuti zotsatira zake ndi zosiyana ndi zimene akufuna. Siteshoni si nyumba yosungiramo zakale. Kuyambira mu 1999 njanji za dziko lino zinaperekedwa m'manja mwa kampani yoziyendetsa ngati bizinesi, ndipo woyendetsa njanji amafuna magetsi, zimbudzi zabwino, polowera anthu a njinga za olumala. Akauzidwa kuti sangakhudze kalikonse, amachita chimodzi mwa ziwiri: amakonza mwakachetechete osapempha, kapena amamanga yatsopano pambali, yakaleyo n'kuisiyira chiswe ndi mvula. Nyumba yopanda munthu m'dziko lathu sichedwa. Malata akangoyamba kudontha, mitengo ya denga imaola, kenako zitseko ndi mafelemu zimasowa. Koma chikalata chikasiyanitsa bwino, chimapereka malo oti zosinthazo zichitikire, ndipo "ayi" wake amamveka chifukwa sanenedwa paliponse. Chimathanso kuloleza kusintha malata odontha ndi ena a mizere yofanana, kwinaku chikuletsa kumata simenti pa khoma la laimu. Chiletso chimenecho chili ndi chifukwa chake: simenti imatsekera chinyezi m'kati mwa njerwa zofewa, ndipo pakapita nyengo zingapo za mvula nkhope ya njerwa imayamba kufumbutuka, simentiyo ili chiimire.

Chitsutso chachiwiri ndi cholemera kwambiri, ndipo sindichipeputsa. Anthu amafunsa kuti titetezerenji nyumba za atsamunda, zomangidwira kutulutsa chuma cha dziko lino, m'nthawi ya msonkho ndi thangata. Yankho langa ndi lakuti kunena kuti malo ndi ofunika sikunena kuti zimene zinachitika pamenepo zinali zabwino. Ndipo mfundo ya kuloza ndi chala ndi imene imateteza chikalata kuti chisasanduke nyimbo yotamanda kampani. Ngati nyumbayo ili ndi chipinda chodikirira cha denga labwino mbali imodzi, ndipo mbali ina kuli kazenera kogulitsira matikiti koyang'ana pabwalo pamene apaulendo akuda ankaima padzuwa, kusiyana kumeneko ndiko umboni. Wokonza wa mtima wabwino akhoza kutseka kazenerako ndi njerwa kuti khoma lioneke losalala, osadziwa kuti wafufuta mbali ya mbiri imene mabuku a kampani sanailembe. Momwemonso malire a malo otetezedwa. Tikazunguliza mzere pa nyumba ya mkulu wa siteshoni yokha, n'kusiya kunja mizere ya tinyumba ta chipinda chimodzi ta okonza njanji, tasankha kale kuti mbiri ndi ya ndani. Ine ndimajambula malire pa mapu kuti aphatikize tinyumbato, ndipo ndimalemba chifukwa chake m'chiganizo chakechake.

Pali chitsutso chachitatu chimene chimakhudza mfundo yanga pamtima penipeni. Zimene anthu amakumbukira, amatero otsutsa, sizikhala m'njerwa. Agogo amene anaperekeza amuna awo opita ku Halale kukagwira ntchito, amayi amene analera ana ndi ndalama za nthochi ndi nzimbe zogulitsira m'mazenera a sitima, zawozo uziloza bwanji ndi chala? N'zoona kuti si zonse zimene zingalozeke. Komabe ukakhala pansi ndi anthu oterewa n'kuwafunsa bwino, osati "kodi siteshoniyi mumaikonda" koma "munkaima pati, sitima inkatulukira kuti", amakutenga n'kukuonetsa malo enieni: mthunzi wa mtengo wa mango umene unali msika, bwalo la kutsogolo kumene ngolo ndi malole zinkatsitsira, chikwangwani cha dzina la siteshoni. Zimenezi zimalowa m'chikalata mofanana ndi khoma ndi denga. Bwalo lopanda kanthu likhoza kukhala lofunika kuposa nyumba, ndipo likapanda kutchulidwa ndi limene limayamba kugawidwa maploti. Zotsala zimene zilibe malo ake, nkhani ndi mayina, ndimazijambula mawu n'kuziika m'mapepala otsatira, ndipo ndimalemba poyera kuti lamulo loteteza nyumba silingazisunge.

Chomaliza chimene ndimachita ndi kuyerekeza siteshoniyo ndi zinzake, chifukwa mawu akuti "yosowa" kapena "yoyamba" ndi ngongole imene uyenera kubweza ndi umboni. Njanji ya ku Nayuchi ya mu 1970 ndi ya ku Lilongwe ya mu 1979 zili ndi masiteshoni a m'badwo wina, ndiye sindingaziike pa muyeso umodzi ndi za mu 1908. Zofanana nazo ndi za pa mzere womwewo, Limbe, Sandama, Makhanga, Chiromo, ndipo kumunsi kumeneko madzi osefukira akhala akuononga njanji kuyambira pamene anaidula pafupi ndi Chiromo mu 1997. Ngati sindinafike pa siteshoni iliyonse kukaona ngati thanki yake ilipo, sindilemba kuti yathu ndi yokhayo yotsala. Ndimalemba masiteshoni amene ayenderedwa, tsiku lake, ndi zimene zapezeka pa iliyonse, kuti wodzabwera pambuyo panga adzadziwe poyambira akadzafuna kukonza tsambalo.